Mapapo ofewa ndi mapapo ouma: onse awiri amabanika, koma zifukwa zake n'zosiyana

Funso: "Ndine wophunzira unamwino kuno ku Mzuzu. M'kalasi atiuza kuti emfizima imakweza kompulayansi ya mapapo pomwe faibulosisi imaitsitsa. Chikundizunguza mutu n'chakuti, ngati mapapo a emfizima savuta kufufuma, wodwalayo amabanikiranji? Ndipo ku wodi awiriwa ndingawasiyanitse bwanji, poti onse amangoti akubanika?"

Yankho:

Achemwali, kupuma kuli mbali ziwiri, kulowetsa mpweya ndi kuutulutsa, koma thupi limagwira ntchito pa mbali imodzi yokha. Munthu akakhala phee, minofu yake imagwira ntchito pokoka mpweya basi. Potulutsa sachita kanthu. Mapapo amene anakokedwa aja amabwerera okha, ndipo kubwererako ndi kumene kumakankhira mpweya kunja. Choncho mapapo amene savuta kufufuma ndi omwewonso amene alibe mphamvu yobwerera. Wa emfizima mpweya umamuvuta kutuluka, wa faibulosisi umamuvuta kulowa. Zonse zimene mudzaone pa bedi la wodwala zikuchokera pamenepa.

Kompulayansi ndi muyeso wa mpweya umene umalowa m'mapapo pulesha yowakoka ikakwera ndi sentimita imodzi ya madzi. Pa bolodi amalemba motere:

```
C = ΔV / ΔP
```

Mwa munthu wamkulu wathanzi, mapapo awiri pamodzi amalandira pafupifupi mamililita 200 pa sentimita iliyonse ya madzi. Tione pa mpweya umodzi wamba. Munthu asanayambe kukoka, pulesha ya m'kampata ka pakati pa mapapo ndi nthiti imakhala pafupifupi -5 cmH2O. Mnofu wa dayafulamu ukatsika, imafika cha pa -7.5. Kusiyana kwa 2.5 kokhako kumalowetsa mamililita 500. Gawani 500 ndi 2.5, mupeza 200 uja. Rikoyilo ndi mbali inayo ya chinthu chomwechi: mphamvu imene mapapo okokedwa amabwerera nayo. Kompulayansi ikakwera rikoyilo imatsika, ikatsika rikoyilo imakwera.

Onani malegeni amene anyamata a kabaza amamangira katundu ku Chibavi kapena pa depoti. Legeni labwino limafuna mphamvu pang'ono kuti litamuke, ndipo mukalisiya limabwerera n'kugwira thumba zolimba. Legeni limene lakhalitsa padzuwa limatamuka mosavuta, ngakhale mwana angalikoke, koma silibwereranso, katundu amangogwedezeka. Ndiye pali chingwe cha khonje, chimene mungachikoke mpaka thukuta kamukamu koma chosatamuka. Mapapo a emfizima ndi legeni lakutha lija, a faibulosisi ayandikira ku khonje.

Mphamvu yobwererayi imachokera ku zinthu ziwiri. Choyamba ndi ulusi umene walukidwa m'makoma a timatumba ta mpweya. Uli mitundu iwiri. Elasitini imatamuka mpaka pafupifupi kuwirikiza kutalika kwake n'kubwereranso. Kolajeni sitamuka kwenikweni. Imakhala yopindikapindika mapapo akakhala ochepa, ndipo imawongoka n'kulimba mapapo akatsala pang'ono kudzaza, kuti asapitirire muyeso. N'chifukwa chake ngakhale inu amene muli bwinobwino, mukakoka mpweya mpaka kumapeto, kuwonjezera kena kochepa pamwamba pake kumakhala kolemetsa. Kompulayansi si nambala imodzi yokhazikika. Ndi yaikulu pakatikati, ndi yaing'ono mapapo akadzaza. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso.

Chachiwiri ndi kamadzi kopyapyala kamene kamakuta mkati mwa kathumba kalikonse. Pamene madzi akumana ndi mpweya, madziwo amadzikoka okha kufuna kuchepetsa malo, ndipo kukokako kumafinya kathumbako. Mu 1929 Kurt von Neergaard anaonetsa kuti mapapo odzazidwa ndi madzi m'malo mwa mpweya amafufuma ndi pulesha yochepa kwambiri, zomwe zinatsimikiza kuti gawo lalikulu la rikoyilo limachokera ku kamadzika. Thupi limachepetsa kukokako ndi mafuta otchedwa safakitanti. Khanda lobadwa masiku asanakwane limene mumaliona ku nazale likubuula, nthiti zikulowa mkati, mapapo ake ndi ouma chifukwa safakitanti sinakwane, osati chifukwa cha zipsera.

Mapapo sakhala okha. Amakokera mkati, pomwe khoma la chifuwa, nthiti ndi minofu yake, limakokera kunja. Pamene mphamvu ziwirizi zafanana ndi pamene munthu amaima akamaliza kutulutsa mpweya mwachizolowezi, ndipo mpweya wotsala m'mapapo panthawiyo ndi umene pa pepala la zoyeza umalembedwa FRC. Mapapo akafooka, khoma limapambana, chifuwa chimakhala chotukumuka. Mapapo akauma, amapambana ndi iwo, chifuwa chimakhala chochepa.

Tiyeni titenge odwala awiri ongoyerekeza, amene mofanana nawo mudzakumana nawo ndithu. Woyamba, wa emfizima, ndi bambo wa zaka za m'ma 60, mlimi wa fodya wochokera ku Rumphi, amene wasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Utsi ukamafika m'timatumba, maselo oyera a magazi amathamangirako n'kutulutsa mankhwala otchedwa elasitezi, amene amadula elasitini. Thupi lili ndi chotetezera chake, puloteni yopangidwa m'chiwindi yotchedwa alufa-1 antitiripusini, koma utsi umaifooketsa, ndipo anthu ena amabadwa nayo yochepa, monga momwe Laurell ndi Eriksson anapezera ku Sweden mu 1963. Zaka zikamapita makoma a timatumba amang'ambika, timatumba tambirimbiri n'kusanduka mabowo akuluakulu ochepa. Ulusi watha, ndipo malo amene kamadzi kaja kanali kukoka achepanso. Tinene kuti kompulayansi ya mapapo a bamboyu yafika 400. Mamililita 500 akulowa ndi pulesha ya 1.25 yokha.

Mpaka pano zikumveka ngati mwayi. Koma ulusi umene wadukawo unali ndi ntchito yachiwiri. Tinjira ta mpweya tating'onoting'ono, tosapitirira mamilimita 2 m'mimba mwake, tilibe chichereŵechereŵe chotigwira. Timakhala totseguka chifukwa makoma a timatumba totizungulira amatikoka mbali zonse. Makomawo akatha, kanjira kamakhala kopanda chokagwira. Pokoka mpweya kamatseguka, popeza chilichonse m'chifuwa chikukokedwa. Potulutsa kamaphwa. Bamboyu akayesa kudzithandiza pofinya ndi minofu ya pamimba, pulesha imene wawonjezerayo imakankha mpweya, inde, koma imafinyanso kanjirako kuchokera kunja ndi mphamvu yomweyo. Zikafika apa, chimene chimalamula liwiro la mpweya wotuluka si mphamvu ya minofu, koma rikoyilo ya mapapo, imene iye alibe. Choncho kumuuza kuti "tulutsani mwamphamvu, bambo" sikuthandiza kanthu.

Pali kawerengedwe kakafupi kamene ndimafuna namwino aliyense akadziwe, chifukwa kamapulumutsa moyo. Nthawi imene mapapo amatenga kuti atulutse mpweya paokha imadalira kuthina kwa njira ndi kufewa kwa mapapo:

```
τ = R × C
```

Apa τ ndi nthawiyo, R ndi kuthina kwa njira, ndipo C ndi kompulayansi ya mapapo ndi khoma la chifuwa pamodzi. Mwa munthu wathanzi ziwirizi pamodzi zimapereka pafupifupi malita 0.1 pa sentimita ya madzi, ndipo R ndi pafupifupi 2, ndiye yankho ndi masekondi 0.2. Kuti mpweya wokokedwa utuluke pafupifupi wonse pamafunika nthawi imeneyi katatu, kutanthauza sekondi imodzi yosakwana n'komwe. Mwa bambo wathu, mapapo a 400 ndi khoma la 200 pamodzi zikupereka malita 0.13 okha, poti zonse ziwiri ziyenera kutamulidwa nthawi imodzi, ndipo tinene kuti njira zake zathina mpaka R wafika 10. Yankho ndi masekondi 1.3, katatu ndi pafupifupi masekondi 4. Akakhala pampando akupuma pang'onopang'ono, nthawi imeneyo amaipeza movutikira. Koma akwere chitunda cha ku Masasa, kupuma kufike ka 30 pa mphindi. Mpweya uliwonse uli ndi masekondi 2 okha, ndipo otulutsira ndi 1.3. M'nthawi imeneyo mumatuluka magawo awiri mwa atatu osakwana. Pa mamililita 500 amene anakoka, pafupifupi 185 atsalira mkati, ndipo wina akubwera pamwamba pake.

Tsopano kumbukirani kolajeni ija. Mpweya ukamaunjikana, bamboyu amakankhidwira kumtunda kumene mapapo ndi nthiti zatsala pang'ono kufika mapeto, kumene chilichonse ndi cholimba. Mwayi wa mapapo ofewa uja watha. Dayafulamu, imene imagwira bwino ntchito ikakhala yokhota m'mwamba, yakankhidwira pansi n'kukhala yafulati, ulusi wake wafupika, mphamvu yake yachepa. Kuwonjezera apo, mpweya wotsekeredwa uja uli ndi pulesha yakeyake, ndipo minofu iyenera kuyamba yaigonjetsa mpweya watsopano usanayambe kulowa. N'chifukwa chake munthu amene vuto lake linayambira potulutsa amadandaula kuti mpweya sukulowa. Sakunama. M'chifuwa mwake mwadzaza kale.

Mukamuyang'ana mudzaona chifuwa chotukumuka kutsogolo ndi kumbuyo, mapewa okwera, minofu ya m'khosi ikudumpha. Amakhala atawerama, manja atatsamira pa mawondo. Nthiti za m'munsi zimalowa mkati pokoka mpweya m'malo motuluka, chifukwa dayafulamu yafulati imazikokera mkati. Amatulutsa mpweya atasongola milomo popanda womuphunzitsa, ndipo akuchita bwino: kumachedwetsa kupuma, ndipo kumasunga pulesha pang'ono m'tinjira kuti tisaphwe msanga. Mukagogoda pachifuwa pamalira kwambiri, mukamvetsera mpweya umamveka patali, ndipo kutulutsa kumatalika kuposa kukoka. Pa ekisire mapapo ndi aatali ndi akuda, dayafulamu yatsika, mtima ukuoneka woonda.

Wachiwiri, wa faibulosisi, ndi bambo wa ku Mzimba amene anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya golide ku Joni m'masiku a Theba, sanasutepo. Fumbi la miyala losaoneka ndi maso linafika m'timatumba, maselo odya zoipa analimeza koma analephera kuligaya, ndipo anafa akuitana maselo omanga zipsera. Maselo amenewa amayala kolajeni, ndipo amapitiriza ngakhale munthu atachoka mumgodi kalekale. Fumbi si lokhalo limene limachita izi. TB imasiya zipsera, matenda ena a nyamakazi amafika m'mapapo, mankhwala ena amateronso, monga buliyomaisini amene amaperekedwa kwa odwala khansa ya Kaposi, ndipo pali faibulosisi ina ya achikulire imene imabwera popanda choyambitsa chooneka. Njira ndi zambiri koma kofikira n'kumodzi: minofu yotamuka yalowedwa m'malo ndi yosatamuka, ndipo timatumba tina tatsekeka, kotero otsalawo ndi amene akusenza mpweya wonse.

Tinene kuti kompulayansi ya mapapo ake yatsika kufika 50. Mamililita 500 amene inu mumawakoka ndi 2.5, iye akufunika 10 kuti awakoke, kanayi kuposa inu, mpweya uliwonse, usana ndi usiku. Thupi limapeza njira yozembera. Ntchito yotamula mapapo imakula msanga kuposa mpweya wokokedwa: mukawirikiza mpweya kawiri, ntchito imawirikiza kanayi. Ndiye ndi kotchipa kukoka pang'ono koma kawirikawiri. Bamboyu amakoka mwina mamililita 300, ka 30 pa mphindi. Koma njirayi ili ndi mtengo wake. Pa mpweya uliwonse, pafupifupi mamililita 150 amathera m'kholingo ndi m'njira zikuluzikulu, osafika pamene pali magazi. Inu mukakoka 500 ka 12 pa mphindi, mwasuntha malita 6, ndipo ofika ku timatumba ndi 4.2. Iye amasuntha malita 9 kuti afikitse 4.5. Theka la ntchito yake likupita pachabe.

Kutulutsa mpweya kwa iye si nkhani. Mapapo amabwerera mwamphamvu, ndipo zipsera zimakoka tinjira mbali zonse kuposa kale, kotero timakhala totseguka kwambiri. Mukamuona, chifuwa n'chaching'ono ndipo sichisuntha kwambiri, akupuma mwaphuma koma mosaliza, ali ndi chifuwa chouma chopanda makhololo. Pa mitundu yambiri ya faibulosisi mudzamva kuthetheka kwa tizii kumunsi kwa msana mbali zonse ziwiri kumapeto kwa kukoka mpweya, kumene sikutha wodwala akatsokomola. Ndi timatumba touma tikutseguka mochedwa. Nsonga za zala nthawi zina zimatupa n'kukhota. Ya fumbi la miyala imakonda kumtunda kwa mapapo, ndipo nthawi zambiri simveka chilichonse pomvetsera, ekisire ndi imene imaulula.

Makina opimira mpweya, sipairomita, amaonetsa kusiyanaku m'manambala awiri. FVC ndi mpweya wonse umene munthu angautulutse mwamphamvu atakoka mpaka kumapeto, FEV1 ndi umene watuluka m'sekondi yoyamba. Mlimi wa fodya uja akhoza kupereka FEV1 ya malita 1.1 ndi FVC ya 2.8. Mukagawa mupeza 0.39, pansi kwambiri pa 0.70 pamene timayambira kunena kuti njira zatsekeka, ndipo mudzamuona akufinyabe masekondi khumi atadutsa. Wa kumgodi akhoza kupereka 1.7 ndi 1.9, zomwe ndi 0.89. Zonse ziwiri n'zochepa, koma pafupifupi wonse watuluka nthawi imodzi, pa masekondi awiri kapena atatu wamaliza. Chenjerani ndi chinthu chimodzi. FVC yochepa payokha sitsimikiza faibulosisi, chifukwa wa emfizima nayenso FVC yake imatsika poti mpweya wambiri watsekeredwa, ndipo munthu amene sanauzire bwino amaperekanso nambala yotsika. Chotsimikiza ndi kuyeza mpweya wonse wa m'mapapo, TLC, umene umakwera mu emfizima n'kutsika mu faibulosisi. Kumene makina oyezera TLC kulibe, ekisire ndi maso anu zimagwira ntchitoyo.

Pamene zimenezi zimandikhudza kwambiri ndi usiku, wodwala akakomoka, namwino n'kutenga chikwama chopopera mpweya. Mantha amachititsa dzanja kupopa mofulumira. Kwa wa emfizima chikwamacho chimayamba chofewa, ndiye dzanja limathamanga, mpweya n'kumaunjikana monga tawerengera paja. Pulesha ya m'chifuwa ikakwera imatsekereza magazi obwerera kumtima, kuthamanga kwa magazi n'kugwa, ndipo mabowo akuluakulu aja akhoza kuphulika. Popani pang'onopang'ono, pafupifupi ka 10 pa mphindi, ndipo muzidikira chifuwa chitsike. Chikwama chikayamba kulimba, kuthamanga kwa magazi n'kumatsika, chotsani chikwamacho kwa masekondi angapo kuti mpweya wotsekeredwa utuluke. Zikapanda kusintha, ganizirani kuti papo laphulika ndipo itanani dokotala nthawi yomweyo. Kwa wa faibulosisi chikwama chimakhala cholimba kuyambira pachiyambi. Musalimbane nacho kuti chifuwa chikwere kwambiri. Mpweya wochepa wobwera pafupipafupi ndi umene mapapo akewo angaulandire.

Mankhwala nawonso amatsata nzeru yomweyi. Salibutamo sabwezeretsa elasitini imene inaduka. Amamasula minofu ya m'njira, R n'kutsika, nthawi yotulutsira n'kufupika, mpweya wotsekeredwa n'kuchepa, ndipo wodwala amamva kupepuka ngakhale FEV1 yake isasinthe kwenikweni. Kwa wa faibulosisi yokhayokha, njira n'zotseguka kale, choncho kumupopera salibutamo mobwerezabwereza kumangomuthamangitsa mtima. Zimandipweteka kuona munthu wotere akulembedwa kuti ndi wa mphumu zaka ndi zaka. Pa okosijeni, wa emfizima yaikulu timamusunga pakati pa 88 ndi 92 pa kamakina ka pachala, chifukwa wochuluka akhoza kumuunjikira mpweya woipa m'magazi mpaka kuyamba kusinza. Wa faibulosisi kawirikawiri saunjika mpweya woipa mpaka matenda atafika kumapeto, ndiye musamumane okosijeni.

Odwala athu ambiri sakwana bwinobwino m'mbali imodzi. Munthu amene anadwala TB akhoza kukhala ndi zipsera kumtunda kwa papo limodzi, njira zowonongeka pakati, ndi mpweya wotsekeredwa kwina. Mayi amene waphikira nkhuni m'khitchini yopanda zenera moyo wake wonse akhoza kukhala ndi njira zothina pomwe timatumba take sitinang'ambike kwambiri. Wa fumbi la miyala ali pachiopsezo chachikulu cha TB, ndiye aliyense mwa odwala athu awiri aja akabwera akutsokomola kapena akuonda, makhololo apite kukayezedwa musanaganize zina. Ndipo pali wosuta amene ali ndi emfizima kumtunda ndi faibulosisi kumunsi. Mwa iyeyu kufewa ndi kuuma zimabisana, sipairomita n'kutulutsa manambala ooneka ngati abwino pomwe munthuyo akulephera kuwoloka msewu. Matenda awiriwa amakokera kompulayansi mbali zosiyana, koma onse amawononga malo amene okosijeni amalowera m'magazi, ndiye pamenepo kuwonongeka kumaphatikizana. Wodwala wotere muvekeni kamakina ka pachala, lembani nambala ali chikhalire, kenako yendani naye m'khonde la wodi kwa mphindi 6 mukuyang'ana. Nambala ikatsika ndi 4 kapena kuposerapo, kapena ikafika pansi pa 88, kauzeni dokotala ngakhale pepala la sipairomita likunena kuti zonse zili bwino.